Foni yatsopano, akaunti yotsekeka, malipiro mawa

Masitolo ena masiku ano asiya kope la ngongole ndi kabokosi ka ndalama, zonse zalowa m'foni. Apu imodzi ndiyo imalandira ndalama za makasitomala, imasunga mayina a amene atenga katundu pa ngongole, imawerengera malipiro a antchito n'kuwatumizira mwezi ukatha. Zinthu zimayenda bwino mpaka tsiku limene apuyo yakana mwini wake. Nkhani ili m'munsiyi ndi yopeka, koma chilichonse chimene chikuchitikamo ndi mmene maakaunti otere amatsekekera ndi kutsekukira. Tiitsatire pang'onopang'ono kuti tione pamene vuto linabadwira, chifukwa silinabadwe tsiku limene foni inafa.

Mayi wina ali ndi golosale pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1. Ali ndi antchito atatu: mtsikana wogulitsa, mnyamata wonyamula katundu, ndi bambo wachikulire amene amalondera usiku. Malipiro amalandira Lachisanu lomaliza la mwezi. Lachitatu madzulo foni ya mayiyu inagwera m'beseni la madzi n'kuzima osayakanso. Lachinayi m'mawa anagula ina, naikamo simukhadi yake, natsitsa apu ya sitolo ija. M'akaunti munali K900,000, ndipo mawa lake anafunika kulipira anthu atatu.

Loko woyamba: pasiwedi

Apu inafunsa pasiwedi. Mayi anaima kaye. Kwa zaka ziwiri ankangoika chala pafoni, apu n'kutseguka, ndipo pasiwedi sanailembeponso chitsegulireni akaunti. Apa ndi pamene ambiri amadabwa, poganiza kuti chala chawo chinalembedwa ku kampani. Chidindo cha chala chimasungidwa m'foni momwemo, sichipita kwina. Foni yakale itafa, chidindocho chinafera limodzi nayo, ndipo foni yatsopano inali mlendo amene apu sinamuonepo.

Anayesa chaka chimene anabadwa. Anayesa dzina la mwana wake woyamba. Anayesanso dzina lomwelo atayamba ndi chilembo chachikulu. Kenaka pagalasi panatuluka mawu akuti `Too many attempts. Try again later.`

Loko ameneyu sanaikidwe kuti azunze mwini akaunti. Anaikidwa kuti wakuba amene watola foni asamangoyesa manambala mpaka atapeza olondola. Mapulogalamu ambiri okhudza ndalama amalola kulakwitsa kangapo kokha, kawirikawiri katatu kapena kasanu, kenaka amatseka. Ena amatseka kwa mphindi zochepa n'kutsegukanso okha. Ena amaonjezera nthawi yodikira munthu akalakwitsanso, ndipo ena amatsekeratu mpaka mwini wake atalankhula ndi kampani. Choncho munthu akalakwitsa kawiri, nzeru ndi kusiya kulota. Kuyesa kwachitatu kochokera m'mutu wosokonezeka sikukhala kolondola kuposa kuwiri koyamba, koma kungasandutse vuto la theka la ola kukhala la masiku.

Mawu a pagalasi ndi ofunika kuwawerenga mofatsa, ngakhale kuwajambula ndi foni ina, chifukwa ndi amene amauza munthu loko amene wakumana naye. Akamanena za kuyesa kambiri, mankhwala ake ndi kudikira. Akamanena za `new device` kapena `verification code`, ndiye kuti pasiwedi yokha sikwanira, pakufunika nambala yotumizidwa kwina. Akamati akaunti ili `suspended` kapena `under review`, palibe batani limene lingathandize, pakufunika munthu wa ku kampani ndi zikalata. Ndipo nthawi zina vuto silikhala la akaunti n'komwe: bandulo yatha, netiweki yagwa, kapena makina a kampani aima. Chizindikiro chake n'chakuti apu imangozungulira osanena kanthu za pasiwedi, ndipo mnzanu wa sitolo yoyandikana amene amagwiritsa ntchito apu yomweyo nayenso akudandaula.

Loko wachiwiri: nambala ya mwini wake

Nthawi yodikira itatha, mtsikana wogulitsa uja anati, "Amayi, musayesenso. Dinani apa palembedwa `Forgot password`." Mayi anadina. Apu inayankha kuti yatumiza nambala ya manambala 6 ku foni yothera ndi 47. Nambala ya mayi imathera ndi 12.

Anakhala pa thumba la shuga n'kuyamba kukumbukira. Tsiku limene akaunti inatsegulidwa, anali mwana wa mchimwene wake amene anagwira foni. Mnyamatayo anajambula chiphaso cha unzika cha azakhali akewo, nalemba dzina lawo ndi la sitolo. Koma pamene apu inafunsa nambala ya foni ndi imelo, anaika zake, poti uthenga wotsimikizira unkafunika msanga ndipo foni yake ndi imene inali m'manja. Palibe amene anaona cholakwika. Patapita miyezi ingapo mnyamatayo anapita ku Joni kukafuna ntchito.

Nambala ya manambala 6 ija, imene pagalasi imalembedwa kuti OTP, imagwira ntchito kamodzi kokha ndipo imafa pakapita mphindi zochepa. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti amene akufuna kulowa ali ndi chinthu m'manja chimene mwini akaunti yekha ayenera kukhala nacho, ndicho simukhadi. Apu sidziwa nkhope ya mayi, sidziwa kuti ndiwo amatsegula sitolo m'mawa uliwonse. Imadziwa zinthu zitatu basi: chimene munthu akudziwa, chimene wagwira, ndi dzina limene linalembedwa pa tsiku loyamba. Mayi anali ataiwala choyamba, chachiwiri chinali cha munthu wina, ndipo chimene chinawatsalira ndi chachitatu chokha.

"Koma nambala imeneyo ikugwira," anatero mayi. "Dzulo lomweli tinalankhulana pa WhatsApp."

Apa pali msampha umene wakola mabanja ambiri amene ali ndi abale kunja. WhatsApp imafuna simukhadi pa nthawi yolembetsa pokha. Ikangolowa m'foni, imapitiriza kugwira pa intaneti ngakhale simukhadiyo itachotsedwa n'kutayidwa. Munthu angathe kukhala ku Joni chaka chonse akuoneka ndi nambala ya ku Malawi, pamene simukhadi yake inasiya kale kugwira. Makampani a mafoni amatseka nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, ndipo pambuyo pake amatha kuipereka kwa munthu wina. Mayi atayesa kuimba nambala ija mwachindunji, osati pa WhatsApp, anayankha bambo wina wosamudziwa, amene anati anaigula miyezi iwiri yapitayo. Uthenga wa apu unali utapita m'foni ya mlendo.

Mayi sanapemphe bamboyo kuti awawerengere nambala ija, ndipo anachita bwino. Kutero kukanakhala kuuza munthu wosamudziwa kuti simukhadi imene ili m'thumba mwake ingatsegule akaunti ya sitolo. Zikanathandiza tsiku limodzi, koma chitseko chikanatsala m'manja mwa wina.

Wothandiza amene anaimba yekha

Pofika masana mayi anali atatopa ndi kudikira pa nambala ya kampani. Analemba dandaulo pa tsamba la kampaniyo la pa Facebook, pamene aliyense amaona, n'kuikapo nambala yawo. Pasanathe ola foni inalira.

"Amayi, ndikuimba kuchokera ku likulu. Taona vuto lanu, pepani kwambiri. Tikutumizirani nambala pompano, mutiwerengere kuti titsegule akaunti."

Mawu ake anali aulemu, ndipo ankadziwa dzina la sitolo, poti mayi anali atalilemba okha pa dandaulo. Uthenga unalowadi. Mayi atayamba kuwerenga manambala awiri oyamba, mtsikana uja anawagwira dzanja. "Amayi, taonani bwino. Uthengawu si wa apu ya sitolo. Ndi wa WhatsApp."

Chimene munthuyo anachita n'chosavuta. Anatenga nambala ya mayi pa dandaulo lija, naiika m'foni yake ngati akulembetsa WhatsApp, ndipo WhatsApp inatumiza nambala yotsimikizira kwa mwini simukhadi. Mayi akanamaliza kuwerenga, WhatsApp yawo ikanasamukira m'foni ya wakubayo, ndipo madzulo omwewo abale ndi makasitomala akanalandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lawo. Njira yomweyi amaigwiritsa ntchito pofuna kulowa mu imelo kapena mu akaunti ya kubanki.

Lamulo lake n'limodzi ndipo silisintha: nambala yotumizidwa pa uthenga imalembedwa mu apu ndi mwini wake, siwerengeredwa munthu pafoni. Wogwira ntchito weniweni wa kampani safuna pini yanu kapena nambala imeneyi, chifukwa ali ndi njira zake zoonera akaunti. Sakuuzani kuti mutumize kaye ndalama yotsegulira ku nambala ya munthu, ndipo sakutumizirani apu ina yoti muike m'foni kuti akuthandizeni ali kutali. Akuba amakonda munthu amene wapanikizika ndi nthawi, ndipo palibe wopanikizika kuposa bwana amene mawa akuyenera kulipira antchito. Njira yotetezeka ndi kudula foniyo n'kuimba nokha nambala yolembedwa mu apu kapena pa zikalata zimene munalandira potsegula akaunti.

Ndalama zili mkati, anthu ali panja

Cha m'ma 3 koloko mayi analankhula ndi kampani yeniyeni. Anawauza kuti kusintha nambala ya foni ya akaunti sikuchitika pafoni. Ayenera kupita okha ku ofesi ndi chiphaso cha unzika ndi chikalata cha bizinesi, kukalemba fomu, kenaka kudikira masiku angapo ogwira ntchito. Kuchedwa kumeneku n'kowawa, koma kuli ndi chifukwa. Ngati nambala ikanamasinthidwa ndi aliyense amene waimba n'kunena kuti foni yake yagwera m'madzi, munthu wa masana uja akanaisintha kalekale.

Mwayi wa mayi unali wakuti dzina ndi chiphaso za pa akaunti zinali zawo. Mnyamata uja akanalembetsa ndi chiphaso chake, kampani ikanaona kuti mwini akaunti ndi iyeyo, ndipo azakhali ake akanakhala ngati munthu wongobwera kudzafuna ndalama za eni. Zikatero pamafunika mwini dzina abwere yekha kapena atumize zikalata zovomerezeka, ndipo nkhani ya masiku imasanduka ya masabata.

Funso linatsala linali la mawa. Ndalama za mu akaunti yotsekeka sizitayika, zimangokhala pamene zili. Koma chimene ambiri amaiwala n'chakuti akaunti imene mwini wake sakutha kulowamo nthawi zambiri imapitiriza kulandira. Kasitomala aliyense amene analipira pa nambala ya sitolo Lachinayi m'mawa anali kuthira ndalama m'chitsime chimene chingwe chake chaduka. Choyamba chimene mayi anachita ndi kuchotsa kapepala ka nambala ya sitolo pa kauntala n'kulemba kuti kwa masiku ochepa alandira ndalama za m'manja, kapena pa nambala yawoyawo ya ndalama za pafoni.

Nambala imeneyo inali ikugwira popanda vuto, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchidziwa. Ndalama za pafoni zimene timazipeza poimba `*211#` pa Airtel Money kapena `*444#` pa TNM Mpamba zimatsatira simukhadi ndi pini, osati foni. Simukhadi ikapulumuka, mungaiike m'kafoni kakang'ono ka mabatani n'kutumiza ndalama popanda intaneti. N'chifukwa chake sitolo imene ili ndi njira ziwiri zolandirira ndalama siima ikatsekeka imodzi.

Chachiwiri chinali kudziwa kuti aliyense akuyenera kulandira zingati, poti mawerengero onse anali mu apu. Mayi anaitana antchito awiri a masana, natumiza uthenga kwa mlonda kuti abwere msanga, n'kutenga kope la sukulu. Mtsikana wogulitsa amalandira K160,000, ndipo iye mwini anakumbutsa kuti anatapa K30,000 pakati pa mwezi, kutsala K130,000. Mnyamata wa katundu amalandira K140,000 ndipo anatapa K20,000, kutsala K120,000. Mlonda amalandira K130,000 ndipo sanatape kanthu. Zonse pamodzi zinakwana K380,000. M'dirowa ndi pa nambala ya mayi munali K210,000.

"Bambo, ndi inu ana anga," anatero mayi, "ndalama zanu zilipo, koma zatsekeredwa m'foni mpaka sabata ya mawa. Sindikufuna mudzamve mawa madzulo mutaima pakhomo. Ndiuzeni amene ali ndi chosadikira."

Mlonda anati mwini nyumba amabwera Loweruka m'mawa ndipo samva za mawa. Mnyamata anati atha kudikira ngati atapeza ya ufa ndi ndiwo. Anagwirizana kuti zogulitsa za Lachisanu zonse zipite ku malipiro, ndipo oda ya ku holoselo idikire. Lachisanu anagulitsa K95,000 ya m'manja, ndalama zonse n'kukwana K305,000. Mlonda analandira K130,000 yake yonse, mtsikana K90,000, mnyamata K85,000. M'kope munalembedwa kuti mtsikana watsala ndi K40,000 ndipo mnyamata K35,000, aliyense n'kusaina pa mzere wake.

Kulemba kumeneku si mwambo chabe. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati wantchito wolipidwa pamwezi azilandira malipiro ake kamodzi pamwezi osadumphitsa, ndipo kutsekeka kwa apu sikuchotsa udindo umenewu pa bwana. Pepala losainidwa limateteza onse awiri. Limatetezanso ku cholakwika china chofala: apu ikatseguka, imaonetsabe kuti malipiro a mweziwo sanaperekedwe, ndipo ngati inaikidwa kuti izitumiza yokha pa tsiku lake, munthu angathe kulipidwa kawiri. Amene akaunti yake imatumiza malipiro yokha afunse kampani, asanapereke za m'manja, ngati ndalamazo zatuluka kale kapena ayi.

Lolemba mayi anakwera minibasi kupita ku Lilongwe ndi zikalata zawo. Lachitatu uthenga unalowa pa nambala yothera ndi 12, anaika pasiwedi yatsopano, ndipo K900,000 ija inali momwemo pamodzi ndi zimene zinalowa Lachinayi m'mawa. Anamaliza kulipira K75,000 yotsala ija tsiku lomwelo.

Zoyenera kuona lero, foni ikadali yamoyo

Vuto la mayiyu linatenga sabata kulikonza, koma kulipewa kukanatenga mphindi khumi pa tsiku lililonse la zaka ziwiri zimene foni yakale inkagwira. Munthu akadali mkati mwa akaunti, kusintha nambala kapena imelo kumakhala kosavuta kuposa pamene ali kunja, makamaka ngati mwini nambala yakale akadali pafupi kuti alandire uthenga wotsimikizira.

Tsegulani apu yanu, pitani pa `Settings` kapena `Profile`, muone nambala ndi imelo zimene zalembedwapo. Dzifunseni ngati simukhadi ya nambalayo ili m'manja mwanu, ndipo ngati inalembetsedwa ndi chiphaso chanu. Mfundo yachiwiriyi ndi yaikulu. Kuyambira mu 2018 manambala a foni m'Malawi amalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo simukhadi ikatayika, amene angakatenge ina ya nambala yomweyo ndi mwini chiphasocho. Ngati nambala ya sitolo inalembetsedwa m'dzina la wantchito amene munasiyana naye mokangana, makiyi a sitolo yanu akadali kwa iye. Onaninso tsiku lotha ntchito lolembedwa pa chiphaso chanu, ndi kuti dzina la pa akaunti likufanana ndi la pa chiphaso chilembo ndi chilembo.

Kenaka imelo. Ambiri anatsegulidwira imelo ndi wogulitsa mafoni ndipo sadziwa pasiwedi yake, chonsecho ndi kumene mapulogalamu ambiri amatumiza uthenga wokonzera pasiwedi yoiwalika. Amene ali ndi akaunti ya Google ndipo anayatsa chitetezo cha magawo awiri angathe kutenga manambala osungira, otchedwa `Backup codes`. Amakhala 10, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Alembeni papepala. Mapulogalamu ena m'malo mwa uthenga amagwiritsa ntchito apu yotulutsa manambala, monga Google Authenticator, imene imasintha nambala ya manambala 6 pa masekondi 30 aliwonse ndipo sifuna netiweki. Apu yotereyi imadalira wotchi ya foni. Ngati manambala ake akukanidwa pamene mukulemba molondola, onani ngati nthawi ya foni ili yolondola, muiike kuti izidzikonza yokha.

Pasiwedi ilembedwe papepala n'kusungidwa kunyumba pamodzi ndi zikalata za malo ndi za sukulu, osati m'dirowa la sitolo kapena kuseri kwa foni. Kamodzi pamwezi lowani mu apu polemba pasiwedi m'malo moika chala, kuti isachoke m'mutu. Ngati apu imalola anthu angapo kulowa, mpatseni wogulitsa khomo lakelake lokhala ndi malire, loti azilemba zogulitsa koma osatulutsa ndalama, ndipo akachoka ntchito mutseke khomo lakelo tsiku lomwelo. Amene akufuna kugula foni yatsopano asamutse apu yakale ikadali kuyaka, ayese kulowa ndi kutumiza ndalama pang'ono asanaifufute, ndipo asachite zimenezi m'sabata ya malipiro.

Chomaliza ndi cha malipiro enieniwo. Patatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, lembani m'kope dzina la wantchito aliyense, malipiro ake, zimene anatapa ndi zotsala, pamodzi ndi mayina a makasitomala amene ali ndi ngongole zazikulu. Sungani gawo la ndalama za malipiro pa njira ina yosadalira apu imeneyo, kaya kubanki kaya pa nambala yanu. Antchito a m'sitolo ambiri alibe poti n'kutapa malipiro akachedwa ndi masiku asanu. Amakakongola kwa akatapila, n'kubweza ndi chiwongoladzanja chimene bwana sadzachiona m'mabuku ake. Bwana amene wakonzeka motere, apu ikatsekeka amataya tsiku la ulendo wa ku ofesi, koma antchito ake amalandira zawo pa tsiku lake.